Kugogodanso pakhomo la wolemba anthu ntchito patapita chaka

M'foni za anthu ambiri ofuna ntchito muli nambala zimene zinasungidwa chaka chatha ndipo sizinaimbidwenso. Ndi nambala za anthu aja amene anatiimbira titafunsira malo, anatifunsa mafunso kwa mphindi zingapo, mwina anatiitananso ku intavyu, kenaka anatiuza mwaulemu kuti mwayi wagwera wina koma adzatikumbukira pakadzapezeka malo ena. Miyezi yadutsa, palibe foni imene yabwera. Ndiye tsiku lina mukutsegula The Nation kapena The Daily Times, kapena mukuyang'ana pa LinkedIn, mukuona kuti kampani yomwe ija yalengezanso malo, ndipo malowo akukuyenerani kuposa oyamba aja.

Apa ndi pamene ambiri amagwidwa ndi manyazi. Ena amaganiza kuti munthu uja akanawafuna akanawaimbira yekha, choncho kumulembera n'kudzikakamiza. Ena amaopa kuti aoneka ngati akufuna kulowera kukhomo la kuseri. Ine ndikuti lembani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene anakumvani kale mukulankhula ali ndi chifukwa chowerengera kalata yanu chimene alibe pa makalata ena onse odzaza pa desiki yake. Koma kulembako kuli ndi njira yake, ndipo njirayo imayamba ndi kudziwa kuti munthuyo amagwirira ntchito ndani.

Si inu amene mumamulipira

Anthu amene amatifunsa mafunso tikafuna ntchito ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la olembedwa ndi kampani kapena bungwe lenilenilo, mu ofesi yoona za antchito. Ku Malawi kuno ambiri ndi otere: m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'mabungwe omwe si aboma. Amalandira malipiro a pamwezi, ndipo ntchito yawo ndi kusonkhanitsa mayina a anthu oyenera n'kuwapereka kwa bwana wa nthambi imene ikusowa munthu. Kawirikawiri sasankha okha. Amasefa, ndipo osankha amakhala gulu la anthu angapo.

Gulu lachiwiri ndi la maejenti, anthu a m'makampani ofunira ena antchito. Awa ndi amene Amalawi okhala ku Joni ndi ku Mangalande amakumana nawo kwambiri, ngakhale ku Lilongwe ndi ku Blantyre aliponso. Ejenti amalipidwa ndi kampani imene ikufuna wantchito, ndipo nthawi zambiri amalandira pokhapokha munthu amene wamupereka akalembedwadi. M'maiko ambiri mtengo wake umakhala pakati pa 15 ndi 25 peresenti ya malipiro a chaka choyamba a munthuyo. Tinene kuti malowo ndi a K900,000 pamwezi. Pachaka imeneyo ndi K10,800,000, ndipo 15 peresenti yake ndi K1,620,000. Ndiye mukalembera ejenti muli woyenera malowo, simukumupempha chifundo. Mukumubweretsera chimene akufunafuna.

Kudziwa zimenezi kumachotsa manyazi, komanso kumachotsa chiyembekezo cholakwika. Onse awiri, wa m'kampani ndi ejenti, udindo wawo ndi kudzaza malo amene ali patsogolo pawo lero. Sanakhale chete chaka chonse chifukwa chokudani, ndipo sadzakuyankhani chifukwa chokumverani chisoni. Adzayankha akaona kuti inuyo mukhoza kuthetsa vuto limene ali nalo sabata ino.

Chimene amakumbukira ndi chimene anaiwala

Kwa inu intavyu ija inali tsiku lalikulu. Mukukumbukira chimene munavala ndi funso limene linakupunthwitsani. Kwa iye inali imodzi mwa zambirimbiri, ndipo chaka ndi nthawi yaitali pa ntchito yotere. Nkhope yanu mwina anaiwala. Chimene chinatsala ndi zolemba: imelo imene munatumizirana, chikalata cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito chija timangochitchula kuti sivi, ndi mizere iwiri kapena itatu imene analemba mutamaliza kulankhula. Makampani akuluakulu amasunga zimenezi m'kompyuta, pansi pa dzina lanu. Mizereyo imakhala yachidule: amalankhula bwino, amafuna ndalama zakutizakuti, sanagwirepo ntchito yakutiyakuti, angadzaganiziridwenso.

Zolembazo n'zimene adzatsegule akaona dzina lanu, ndipo zikunena za munthu wa chaka chatha. Ngati munalephera chifukwa chosowa luso linalake, ndiye kuti mwa iye mukadali munthu wosowa luso limenelo mpaka mutamuuza zina. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kalata yanu ili ndi ntchito yokonza zolemba zakalezo.

Nthawi zina ngakhale zolembazo zimakhala kuti palibe. Ku Mangalande ndi ku South Africa malamulo oteteza mbiri za anthu salola kampani kusunga zikalata za munthu mpaka kalekale popanda chifukwa, moti makampani ambiri amafufuta zikalata za amene sanalembedwe pakapita miyezi 6 kapena 12. Kwathu kuno vuto limakhala lina: mafayilo amasochera, kapena amatsalira mu imelo ya munthu amene anachoka. Chifukwa chake musadalire kuti sivi yanu akadali nayo. Tumizani yatsopano.

Chitsanzo cha Chisomo

Tiyerekeze mtsikana wina, timutche Chisomo, amene amagwira ntchito yothandizira akauntanti pa kampani yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe. Mu Malichi chaka chatha anafunsira malo oyang'anira za chuma ku bungwe lina lothandiza alimi. Mayi Mwale a ku ofesi yoona za antchito analankhula naye pafoni, anamuitana ku intavyu, ndipo patapita masabata awiri anamulembera kuti asankha wina. Chisomo anachita chinthu chanzeru nthawi imeneyo: anafunsa pamene panaperewera. Yankho linali lakuti anali asanamalize dipuloma yake ya ICAM, ndiponso anali asanatsekepo yekha mabuku a pamwezi.

Tsopano bungwelo lalengezanso malo ofanana ndi aja, ku ofesi yake ya ku Mzuzu, ndipo tsiku lomaliza kulandira makalata ndi Lachisanu la sabata yamawa. M'chakachi Chisomo wamaliza dipuloma ija. Akauntanti wamkulu atapita kutchuthi cha uchembere, iye ndi amene anatseka mabuku kwa miyezi itatu, n'kumatumiza ku MRA msonkho wa pamalipiro a antchito pasanafike pa 14 mwezi uliwonse ndi wa VAT pasanafike pa 25.

Choyamba chimene Chisomo achite si kulemba ayi. Ayambe wafufuza imelo yakale ija n'kuiwerenga yonse, kuti atsimikize dzina la malo amene anafunsira, mwezi wake, ndi mawu enieni amene anauzidwa. Kenaka aone ngati Mayi Mwale akadali pabungwepo, chifukwa anthu a ntchito imeneyi amasamuka kawirikawiri. LinkedIn imasonyeza zimenezi, ndipo kuimba ku ofesi n'kufunsa wolandira alendo kumatenga mphindi imodzi. Akatero, ayike chilengezo chatsopanocho pambali pa sivi yake n'kuona moona mtima ngati zofunika zikuluzikulu ali nazo. Ngati akufuna munthu wa zaka khumi pantchito ndipo iye ali ndi zitatu, kudziwana ndi Mayi Mwale sikusintha kanthu, ndipo n'kwabwino kusunga kalatayo kuti idzagwire ntchito pa malo oyenera.

Polemba, asayambe imelo yatsopano. Ayankhe pa yakale yomwe ija, kuti mawu a Mayi Mwale eniakewo aoneke pansi pa kalata yake. Zimenezi zimawapeputsira ntchito yokumbukira, ndipo imelo yoyamba ndi `Re:` yochokera mu nkhani imene munthu anayamba yekha siponyedwa msanga m'zinyalala. Angosintha mutu wake powonjezera dzina la malo atsopanowo ndi nambala yake ngati ilipo. Makalata otere nthawi zambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake n'zomwezi:

"Mayi Mwale, ndikhulupirira muli bwino. Tinalankhulana mu Malichi chaka chatha pa malo a woyang'anira za chuma, ndipo ndinafika pa intavyu yomaliza. Munandiuza kuti chimene chinaperewera chinali dipuloma ya ICAM ndi luso lotseka mabuku a pamwezi. Dipulomayo ndinamaliza mu Disembala, ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti ndinatseka ndekha mabuku a kampani yathu, kuphatikizapo misonkho ya ku MRA. Ndaona malo amene mwalengeza ku Mzuzu ndipo ndatumiza kale kalata yanga ku adiresi imene munapereka. Kusamukira ku Mzuzu ndine wokonzeka, ndipo kuntchito kwanga ndiyenera kupereka notisi ya mwezi umodzi. Kodi malowa mukuwayang'anira ndinu, kapena pali wina amene ndingalankhule naye? Sivi yanga yatsopano ndaiphatikiza. Zikomo kwambiri, Chisomo."

Kalatayi ndi yaifupi moti ikhoza kuwerengedwa pafoni munthu akuyenda kupita ku msonkhano. Koma taonani zimene yanyamula. Yawakumbutsa mwezi ndi malo, osawafunsa ngati akumukumbukira, funso limene limangochititsa munthu manyazi. Yabwereza chifukwa chimene anamukanira, popanda kudandaula, n'kuchiyankha ndi zinthu zimene zikhoza kutsimikizidwa: pepala la sukulu, miyezi yodziwika, ntchito yodziwika. Kunena kuti "ndaphunzira zambiri chaka chino" sikusintha mzere uliwonse m'zolemba za Mayi Mwale, koma kunena kuti "ndinatseka mabuku kuyambira Juni mpaka Ogasiti" kumasintha. Yayankhanso mafunso awiri amene wolemba ntchito aliyense amakhala nawo asanawafunse, lakuti kodi munthuyu adzasamukadi, ndi lakuti angayambe liti. Mwezi umodziwo ndi umene lamulo la ntchito la 2000 limaika kwa wolandira malipiro a pamwezi, koma yang'anani kontirakiti yanu, chifukwa ena anasainira miyezi itatu ndipo amakumbukira atalonjeza kale tsiku loyamba.

Funso la kumapeto lija ndi limodzi lokha, ndipo ndi losavuta kuyankha. Chisomo sanapemphe kuti amuthandize kupeza ntchitoyo, kapena kuti amuuze mafunso a pa intavyu. Pempho lotero limaika munthu woona mtima pamalo ovuta, ndipo njira yapafupi kwa iye ndi kusayankha.

Fayilo nayonso ikhale ndi dzina lomveka, monga `Chisomo_CV_2025.pdf`, osati dzina limene foni inangopereka yokha. Ndipo ikhale yatsopanodi. Kutumiza sivi yomwe ija ya chaka chatha kumatsutsa zonse zimene kalata yanena.

Khomo lalikulu musalilambalale

Mwaona kuti Chisomo ananena kuti watumiza kale kalata yake ku adiresi ya pachilengezo. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri kwathu kuno. Mabungwe amene amayendera ndalama za opereka thandizo, mabanki ndi nthambi za boma amakhala ndi ndondomeko yolembera anthu imene imafufuzidwa pambuyo pake. Dzina limene silinalowe pa njira yolengezedwa tsiku lomaliza lisanakwane silingaikidwe pa mndandanda, ngakhale Mayi Mwale atamukonda bwanji Chisomo. Imelo yopita kwa iwo ndi yowonjezera chabe. Phindu lake ndi lakuti posefa makalata mazanamazana, dzina lake lidzaimitsa diso.

Pa ejenti dongosolo lake limatembenuka, ndipo apa anthu ambiri amadzipweteka osadziwa. Ejenti akapereka dzina lanu ku kampani, mgwirizano wawo nthawi zambiri umanena kuti kampaniyo ikakulembani m'miyezi 6 kapena 12 yotsatira, ndalama ija ndi yake. Mukafunsira nokha ku kampaniyo kwinaku mutapemphanso ejenti kuti akupelekeni, kapena maejenti awiri akapereka dzina lanu pa malo amodzi, pamabuka mkangano wa amene ayenera kulipidwa. Kampani imene ili ndi anthu ena oyenera ikhoza kungokusiyani pofuna kupewa mkanganowo. Ndiye ngati munalankhula ndi ejenti, yambani mwamufunsa ngati malo atsopanowo anapatsidwa iye kuti afunire munthu, ndiponso ngati chaka chatha dzina lanu analiperekadi ku kampaniyo. Akati malowo ndi ake, dutsirani kwa iye, ndipo mumuuze kuti asatumize sivi yanu kwina kulikonse musanavomere. Akati si ake, funsirani nokha mwamsanga.

Ndalama imene munatchula chaka chatha

M'zolemba zija muli nambala imodzi imene ikhoza kukumangani: malipiro amene munanena kuti mukufuna. Tinene kuti Chisomo anatchula K650,000. M'dziko limene mitengo imayenda pang'onopang'ono, nambala ya chaka chatha ikhoza kugwirabe ntchito. Kwathu si choncho. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi kuposa 30 peresenti pachaka. Pa kukwera kotere, kuti Chisomo agule zimene K650,000 inkagula, akufunika pafupifupi K845,000, tisanawerengere n'komwe dipuloma yake yatsopano ndi lendi ya nyumba ku Mzuzu.

Nkhani imeneyi isalowe m'kalata yoyamba. Koma akamuimbira n'kumufunsa ngati akadali pa ndalama ija, asavomere chifukwa cha chisangalalo chakuti amukumbukira. Ayankhe modekha kuti nambalayo inali ya chaka chatha, ndipo afunse kaye mlingo wa malipiro umene bungwelo laika pa malowo. Mabungwe ambiri ali ndi magiredi okhazikika, ndipo kudziwa giredi kumapulumutsa nthawi ya onse awiri. Afunsenso ngati ndalama ikutchulidwayo ndi yonse kapena yotsala atachotsa msonkho ndi 5 peresenti ya penshoni imene wantchito amasonkha, chifukwa kusamvana pa mfundo yokhayi kwachititsa anthu kusiya ntchito yabwino n'kukapeza kuti m'thumba mukulowa zochepa.

Ngati simunasiyane bwino

Si onse amene anakanidwa. Ena ndi amene anakana okha atapatsidwa malo, ndipo ena anangosowa, osapita ku intavyu, osayankhanso foni. Zimenezinso zili m'zolemba, ndipo kuyerekeza ngati sizinachitike n'kulakwitsa. Amene anakana mwaulemu alibe choopa, popeza kampani inamufuna kale. Anene chifukwa chake m'chiganizo chimodzi ndi chimene chasintha, mwachitsanzo kuti nthawi ija sakanatha kusamuka chifukwa ankadwazika mayi ake koma tsopano angathe. Amene anasowa osatsanzika ali ndi phiri lokwera, chifukwa anachititsa manyazi munthu amene anaika dzina lake pamaso pa mabwana. Apepese mwachindunji, kamodzi, osachulutsa zifukwa, kenaka apitirize ndi nkhani ya malo atsopano. Mwina sayankhidwa, ndipo umenewo ndi ufulu wa winayo.

Nanga WhatsApp? Ngati nkhani yanu ya chaka chatha inkayendera pamenepo, palibe cholakwika kutumiza meseji yaifupi m'nthawi ya ntchito, yonena dzina lanu lonse, mwezi umene munalankhulana, ndi kuti mwatumiza imelo. Chimene chimatopetsa anthuwa ndi moni wosatsatidwa ndi nkhani, meseji yamawu yaitali, kapena foni ya usiku ndi Lamulungu. Ngati nambala yawo ya m'manja munaipeza kwa mnzanu, osati kwa eniake, isiyeni.

Mukapeza kuti munthu uja anachoka, khomo silinatsekeke. Lemberani amene analowa m'malo mwake, mutchule dzina la woyambayo ndi mwezi wake kuti athe kufufuza fayilo yanu. Ndipo amene anachokayo mumulemberenso kumene ali, pakuti kumenekonso akulemba anthu ntchito.

Akakhala chete, ndiponso akapempha ndalama

Lembani m'masiku awiri kapena atatu oyamba chilengezo chitatuluka, chifukwa ena amayamba kusefa tsiku lomaliza lisanafike. Pakapita sabata osamva kanthu, kumbutsani kamodzi, mizere iwiri, pa imelo yomweyo. Kupitirira pamenepo n'kudzionongera dzina. Kukhala chete kuli ndi zifukwa zambiri zimene sizikukhudzani: malo anali kale ndi munthu wa m'kati ndipo chilengezo chinangokwaniritsa ndondomeko, ndalama za pulojekiti zachedwa, kapena malamulo a bungwe amaletsa kulankhula ndi ofunsira ntchito kusefa kusanathe. Chifukwa chomalizachi n'chofala, ndipo n'chifukwa chake Chisomo asatenge kukhala chete kwa Mayi Mwale ngati kukanidwa. Yankho lenileni limaoneka pa mndandanda wa oitanidwa.

Pali yankho limodzi lokha limene liyenera kukuimitsani nthawi yomweyo, ndilo lopempha ndalama. Likhoza kubwera ndi mayina osiyanasiyana: ya fomu, ya kuchipatala, yosungitsira malo, kapena kangachepe koti dzina lanu likwere pamwamba. Pangano la bungwe la ILO la 1997 lokhudza maejenti a ntchito limanena kuti wofuna ntchito asalipiritsidwe, ndipo ku Mangalande lamulo la 1973 limaletsa maejenti kutero, kupatula pa ntchito zochepa monga za zisudzo. Kudziwana kwa chaka chatha kumachititsa munthu kukhulupirira msanga, ndipo akathyali amadziwa zimenezi. Nambala ya foni imene yakhala osagwiritsidwa ntchito ikhoza kukhala m'manja mwa munthu wina, ndipo dzina la wolemba ntchito weniweni likhoza kuikidwa pa imelo yabodza. Yerekezani adiresi ya imelo imene yakuyankhani ndi ya chaka chatha, chilembo ndi chilembo, makamaka mbali ya pambuyo pa chizindikiro cha `@`. Ikasiyana, kapena mukauzidwa kutumiza ndalama pafoni, imbani ku ofesi ya kampaniyo pa nambala ya pachilengezo n'kufunsa ngati munthuyo akadali wawo ndiponso ngati malowo alipodi.